Mmene mungalembere eni galaja kalata yofotokoza galimoto imene imazima yokha mwa apo ndi apo

Galimoto imene imazima yokha lero, mawa n'kuyenda bwinobwino, imavutitsa mwini wake pamodzi ndi makaniko, chifukwa ikafika pagalaja imalira msanga ndipo sionetsa vuto lililonse. Mwini wake amangoti, "Imazimazima, muione," ndipo makaniko, posowa poyambira, amasintha mapulagi ndi sefa ya mafuta, kenaka amaibweza. Pakapita sabata imazimanso pakati pa Chipata ndi Katete, ndalama zitapita kale. Komanso mawu amene mwauza eni galaja pageti safika onse kwa mnyamata amene adzatsegule boneti madzulo, inu mutachoka. Kalata imakhala m'galimotomo ndipo aliyense wogwira ntchitoyo amaiwerenga. Cholinga chake n'chakuti makaniko athe kuchititsa galimotoyo kuzima iye akuona, popeza vuto limene laoneka ndi maso siliwononga nthawi.

Zofunika kukhala nazo

Kabuku kakang'ono ndi cholembera, zimene muzisunga m'galimoto pamalo ofikirika mutakhala pampando.
Foni yotha kujambula kanema, imene ikuthandizeninso kuwerenga mphindi.
Buku la galimoto, kuti mulembe molondola mtundu wake, chaka chake ndi nambala yake.
Malisiti a ntchito zonse zimene zachitika pagalimotoyo m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, kuphatikizapo a batire ndi a mafuta ngati mudawasunga.
Pepala limodzi lolembapo kalata yeniyeniyo, lina lokoperapo kalatayo kuti likhale m'galimoto, ndi lina lotsala kwa inu.

Gawo loyamba: kusonkhanitsa umboni

1. Ikazima, yambani mwadzipulumutsa, kenaka yang'anani dashibodi musanagwire kiyi

Injini ikazima galimoto ikuyenda, chiwongolero chimalemera, ndipo mabuleki amakhala ndi mphamvu yake yonse pakuponda koyamba kapena kwachiwiri kokha, kenaka amalimba. Pondani kamodzi mosalekeza, patukirani kumbali, yatsani mahazadi, ndipo ikani zizindikiro zochenjeza kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka pa msewu waukulu wopita ku Lusaka pamene mathiraki ndi mabasi sachepetsa liwiro.

Chenjezo: musatembenuzire kiyi kumbuyo galimoto isanaime, chifukwa chiwongolero chikhoza kukiyika. Ndipo mukaima, musathamangire kuzimitsa ndi kulizanso. Masekondi ochepa amenewo ndiwo ali ndi umboni wambiri. Onani ngati nyali za padashibodi zikuyaka kapena zathima zonse, ngati wailesi ikulirabe, ndi pamene paloza muvi wa kutentha kwa injini ndi wa mafuta. Jambulani dashibodi ndi foni kiyi akadali pa ON.

Anthu ambiri amalemba kuti nyali ya oyilo ndi ya batire zidayaka, n'kuganiza kuti apeza gwero. Nyali ziwirizi zimayaka pa galimoto iliyonse injini ikaima, ngakhale ilibe vuto. Chimene makaniko akufuna kudziwa n'chakuti zidayaka injini isanazime kapena itazima kale. Nyali ya oyilo ikayaka injini ikulirabe, musailizenso galimotoyo ngakhale pang'ono, iyenera kukokedwa kupita kugalaja.

2. Lembani mmene idazimira, pakuti kuzima kuli mitundumitundu

Apa ndi pamene pagona kalata yonse, ndipo m'pofunika kuchedwapo. Mawu akuti "idazima" amaphimba zinthu zosiyana kwambiri, ndipo chilichonse chimatumiza makaniko kumbali ina ya galimoto.

Pali kuzima kwadzidzidzi, kopanda kunjenjemera kapena chenjezo lililonse, ngati wina watembenuza kiyi, koma nyali za padashibodi n'kuyaka ndipo wailesi n'kumalirabe. Kuzima kotere nthawi zambiri kumachokera ku magetsi a injini. Kawirikawiri ndi sensa imene imauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira, imene amakaniko amaitcha sensa ya kiranki, kapena mawaya ake, kapena rile imene imapereka moto ku kompyutayo. Kompyuta ikasiya kulandira uthenga wa sensa imeneyi imadula moto wa kumapulagi ndi mafuta nthawi yomweyo.

Pali kuzima kumene kumayamba ndi kufooka: mukuponda mafuta koma galimoto ikukana, ikudukizadukiza, ikugwedezeka, kenaka n'kuzima, makamaka pokwera mtunda kapena mutanyamula katundu. Apa injini ikusowa mafuta, ndipo makaniko ayamba ndi pampu ya m'thanki, sefa, kapena madzi ndi zinyalala zimene zidalowa pamodzi ndi petulo. Pa galimoto ya dizilo aganiziranso mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta.

Pali kuzima kumene kumangochitika mukachotsa phazi pamafuta, monga pofika pamphambano, pahampu, poimika galimoto, kapena mukayatsa choziziritsa mpweya mutaima, ndipo mukaliza imalira nthawi yomweyo. Injini yotentha bwino ikaima osapondedwa imazungulira pakati pa 600 ndi 800 pa mphindi pa magalimoto ambiri a petulo. Muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini ukamatsika pansi pa pamenepo, n'kumakwera ndi kutsika isanazime, nthawi zambiri khomo lolowera mpweya mu injini ladzaza mwaye ndi fumbi, kapena pali paipi yong'ambika imene ikulowetsa mpweya wosawerengedwa. Galimoto zoyenda kwambiri m'misewu ya fumbi ya kumidzi m'chilimwe zimakumana ndi zimenezi kawirikawiri.

Ndiye pali kuzima kumene chilichonse chimathima pamodzi: dashibodi imada, wailesi imaduka, ndipo mwina wotchi ya m'galimoto imabwerera poyambira. Kumeneku ndi kuduka kwa moto wonse, ndipo kumakonda kuchitika pa mabampu ndi m'maenje. Gwero lake likhoza kukhala mutu wa batire womasuka, kudyeka kwa waya wa ethi wolumikiza batire ku thupi la galimoto, kapena swichi ya kiyi yotha. Wotchi ikabwerera poyambira, moto udadukira kufupi ndi batire. Ikasunga nthawi, makaniko ayang'ana kwambiri kuswichi. Kachinthu kakang'ono ngati kameneka kakhoza kupulumutsa tsiku lathunthu la ntchito, choncho kalembeni.

Zonsezi sindikukuuzani kuti muzilembe m'kalata ngati chigamulo chanu. Ndikukuuzani kuti mudziwe zoyenera kuyang'ana, ndi chifukwa chake mawu amodzi osamala amasintha kumene makaniko ayambire.

3. Lembani zimene zidalipo nthawi imene idazima

Musanachoke pamalopo, lembani m'kabuku tsiku ndi nthawi, makilomita amene akuoneka padashibodi, malo, ndi mphindi zimene mudayenda kuchokera pamene mudaliza injini. Mphindi zimenezi n'zofunika kuposa mtunda, chifukwa zipangizo zambiri za magetsi zimagwira bwino zikazizira ndipo zimalephera zikatentha. Galimoto imene imazima pakatha theka la ola sidzazima konse ngati makaniko aizungulitsa m'tauni kwa mphindi zisanu zokha.

Onjezerani liwiro, giya imene inalimo, ngati munali kukwera, kutsika kapena kukhota, ngati msewu unali wa phula kapena wa miyala, ndi kuchuluka kwa mafuta m'thanki. Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo, choncho galimoto imene imazima pokhapokha muvi ukatsika pansi pa kota ikunena zambiri. Tchulani nyengo: dzuwa la masana a mu Okutobala, m'mawa wozizira wa mu Juni, mvula, kapena kuti munali mutangowoloka chithaphwi kapena kutsukitsa injini. Tchulaninso zimene zinali zoyaka, monga nyali zakutsogolo, choziziritsa mpweya ndi mawaipa.

Chenjezo: musadikire kukafika kunyumba. Pofika madzulo, mphindi 15 zimasanduka "kanthawi ndithu," ndipo simukumbukiranso ngati muvi wa kutentha unali pakati kapena pamwamba.

4. Lembani mmene idalirira pambuyo pake

Mawu akuti "idakana kulira" ndiwo amasocheretsa amakaniko kuposa ena onse, chifukwa amatanthauza zinthu zitatu. Mwina mutatembenuza kiyi panalibe phokoso lililonse kapena kunamveka kugogoda kokha; mwina sitata inazungulira mofooka; mwina inazungulira mwamphamvu monga mwa masiku onse koma injini osagwira. Ziwiri zoyambazo zimaloza ku batire, mawaya ake, alitaneta ndi sitata. Chachitatucho chikusonyeza kuti batire ili bwino koma kukusowa moto wa kumapulagi kapena mafuta.

Werengani pa foni mphindi zimene zidapita isanalire, ndipo lembani chimene mudachita pakati pake, kaya mudangodikira, mudatsegula boneti, mudagwedeza mawaya a batire, kapena mudathira mafuta. Ngati mudachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, nenani choncho, kuti makaniko asaganize kuti chimodzi mwa izo ndicho chidathandiza. Musazungulitse sitata kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ndipo muziipumitsa, kuopera kuiwotcha ndi kumaliza batire muli patchire.

Pali mayeso awiri osavuta amene mungachite muli pampando, koma amafuna kuti mudziwe kaye khalidwe la galimoto yanu tsiku limene ili bwino. Loyamba ndi la pampu. Pa magalimoto ambiri, mukaika kiyi pa ON, kumamveka kung'ung'uza kwa masekondi pafupifupi awiri kuchokera kuthanki. Koma magalimoto ena, kuphatikizapo ma Toyota ambiri akale amene adzaza m'misewu ya Chipata, amayendetsa pampu pokhapokha sitata ikamazungulira, choncho kusamva phokosolo sikutanthauza kuti pampu yafa. Lachiwiri ndi la muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini, ngati galimoto yanu ili nawo. Onani ngati umadzuka pang'ono pamene sitata ikuzungulira tsiku labwino, kenaka muyerekeze ndi tsiku limene yakana. Ngati masiku onse umadzuka koma tsiku limenelo wagona pa 0, lembani mawu amenewo ndendende.

5. Musafufute zimene kompyuta ya galimoto yasunga

Nyali yachikasu yokhala ndi chithunzi cha injini ikayaka injini ikulira, kompyuta imasunga nambala ya vutolo, ndipo nthawi zambiri imasunganso kutentha ndi liwiro la injini pa nthawiyo. Nambalayo imatsala ngakhale nyaliyo itathima yokha. Anthu ofuna kuthandiza pamsewu amakonda kuchotsa mutu wa batire kuti "ayambitsenso kompyuta," ndipo pa magalimoto ambiri akale kutero kumafufuta zonsezo. Akanizeni mwaulemu. Ngati batire idachotsedwa kale, lembani m'kalata tsiku lake, kuti makaniko akapeza kompyuta ilibe kanthu asaganize kuti sipadakhalepo vuto.

Ngati wina adaikapo kale makina owerengera, koperani nambalazo monga zidaonekera. Mwachitsanzo, P0335 imanena za sensa ya kiranki kapena mawaya ake, P0171 imanena kuti mpweya ukuchuluka poyerekeza ndi mafuta, P0300 imanena kuti masilinda akuphonya moto mosasankha, ndipo P0505 imanena za kayendedwe ka injini itaima. Nambala imaloza dera lofufuzamo chabe. P0335 ikhoza kubwera chifukwa cha pulagi ya waya yodzaza oyilo, sensa ili bwinobwino. Dziwaninso kuti magalimoto ena amene adapangidwira msika wa ku Japan sawerengeka ndi timakina totchipa, ndiye funsani eni galaja ngati makina awo amawerenga mtundu wa galimoto yanu.

Gawo lachiwiri: kulemba kalata

6. Sanjani umboni, kenaka fufuzani chimene chikubwerezabwereza

Ngati kuzimako sikukuika moyo pachiswe, zochitika ziwiri kapena zitatu zolembedwa bwino n'zokwanira. Musapitirize kuyenda maulendo aatali pofuna kuchulukitsa umboni, ndipo ngati yazimapo kale pa liwiro lalikulu kapena popitirira galimoto ina, kamodzi komweko n'kokwanira kuti ipite kugalaja.

Ikani zochitikazo pamodzi ndipo dzifunseni mafunso awiri: n'chiyani chinalipo nthawi zonse, ndipo n'chiyani chinasintha koma galimoto n'kuzimabe? Funso lachiwirili ambiri amaliiwala. Ngati idazima thanki ili yodzaza komanso ili pa kota, ndiye kuti kuchepa kwa mafuta si nkhani, ndipo makaniko sayenera kutayapo nthawi. Lembaninso nthawi zimene siizima, monga ulendo waufupi wa m'mawa wokasiya ana kusukulu, chifukwa nazonso ndi umboni.

Kenaka yang'anani malisiti. Vuto lambiri la mtundu uwu limayamba patangopita masiku ochepa chichitikire ntchito ina: kusintha batire, kutsuka injini ndi madzi amphamvu, kuika wailesi, alamu kapena kachipangizo kolondolera galimoto, kapena kuthira petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. Ma alamu ndi zolondolera zina zimalumikizidwa ku waya wa pampu kapena wa kiyi kuti zizitha kuzimitsa galimoto, ndipo mfundo ya waya ikamasuka imazimitsa injini popanda kusiya nambala iliyonse. Makaniko sangalote kuti pansi pa dashibodi pali chinthu chotero ngati simunamuuze.

7. Lembani kalatayo pa tsamba limodzi, motsatira dongosolo ili

Yambani ndi moni waufupi ndi galimoto imene mukunena. Chiganizo chotsatira chinene vuto lonse mwachidule, kuti ngakhale wowerenga mothamanga amve mutu wake. Kenaka zochitikazo chimodzichimodzi, zimene zikufanana, ntchito zaposachedwa, mmene angalichititsire vutolo, ndipo pomaliza zimene mukupempha pa nkhani ya ndalama. Siyanitsani zimene mudaona ndi zimene mukuganiza, ndipo ngati muli ndi ganizo liikeni kumapeto, mwaulemu, popeza eni galaja ndiwo akudziwa ntchitoyo ndipo munthu wolamulidwa kuti asinthe pampu amangosintha pampuyo. Nachi chitsanzo chongopeka, chimene mungasinthe kuti chigwirizane ndi galimoto yanu.

Chipata, pa 21 Okutobala

Kwa eni galaja,

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito kumeneko. Ndikulemba za galimoto yanga imene ndaisiya kwa inu lero, Toyota Corolla ya 2005, ya petulo, injini ya 1NZ-FE, ya giya yosintha yokha, imene yayenda makilomita 186,400.

Galimotoyi imazima yokha mwadzidzidzi ikayenda kupitirira theka la ola, ndipo imakana kulira mpaka itapuma kwa mphindi 15 kapena 20. Zachitika katatu mwezi uno.

Pa 6 Okutobala, cha m'ma 14:00, ndinali pa msewu wopita ku Katete, nditayenda mphindi 35, pa liwiro la 80, pamalo osakwera. Idazima popanda kudukiza kapena kufooka. Nyali za padashibodi zidayaka itazima kale, wailesi inkalirabe, muvi wa kutentha unali pakati, mafuta anali pa theka. Sitata inkazungulira mwamphamvu koma injini osagwira. Ndidangodikira, ndipo idalira patatha mphindi 20.

Pa 12 Okutobala, cha m'ma 11:30, pa msewu wa ku Lundazi, nditayenda mphindi 40, pa liwiro la 60, thanki ili pafupi kudzaza, idazima mofananamo. Nditayesa kuliza, muvi wa kuzungulira kwa injini udakhala pa 0, pamene masiku onse umadzuka pang'ono. Ndidatsegula boneti koma sindidagwire kanthu. Idalira patatha mphindi 15, ndipo nyali ya injini idayakabe mpaka tsiku lotsatira, pamene idathima yokha.

Pa 19 Okutobala, cha m'ma 16:00, pochokera ku Mwami ndi kuzungulira m'tauni, nditayenda mphindi pafupifupi 50, idazima pafupi ndi msika wa Kapata ndikuyenda pang'onopang'ono, mafuta ali pa kota. Idalira patatha mphindi 20. Kanema wa dashibodi wa tsiku limeneli ndili naye pafoni.

Nthawi zonsezi injini inali yotentha, kunalibe mvula, ndipo wotchi ya m'galimoto siidasokonezeke. Siidazimepo pa maulendo aafupi a m'mawa, ndipo ikazizira imalira msanga. Ikalira siifooka ngakhale pamtunda.

Mapulagi ndi sefa ya mpweya zidasinthidwa pa 9 Okutobala kugalaja lina, koma vuto silidathe. Batire siidachotsedwepo chiyambire vutoli. Galimotoyi ilibe alamu kapena cholondolera choikidwa pambuyo.

Ndikupempha kuti muwerenge nambala za mu kompyuta musanachotse batire kapena kufufuta kanthu, ndipo mundilembere. Ndikukulolani kuiyendetsa mpaka ola limodzi masana kuti vutolo lioneke, ndipo ndasiyamo mafuta opitirira theka. Chonde mundiimbire musanagule chipangizo chilichonse, mundiuze mtengo ndi chimene mwapeza poyesa, ndipo zakale zimene mungachotse mundisungire. Nambala yanga ya foni ili m'munsimu.

Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu.

Ine wanu,
mwini galimoto

Taonani zimene makaniko angatole m'kalata imeneyi asanagwire sipanala. Wailesi ndi wotchi zosasokonezeka, pamodzi ndi sitata yozungulira mwamphamvu, zikuchotsa batire ndi mitu yake pamndandanda. Kuzima pa theka, pafupi kudzaza ndi pa kota kukusonyeza kuti kuchuluka kwa mafuta kulibe gawo, ndipo kusafooka pamtunda kukuchepetsa kukayikira sefa. Kuzima pa liwiro la 80 sikugwirizana ndi khomo la mpweya lakuda, limene limazimitsa injini phazi likachoka pamafuta ndipo siliikaniza kulira kwa mphindi 20. Chotsala ndi chinthu chimene chimalephera chikatentha n'kuyambanso chikazizira, ndipo muvi wogona pa 0 ukuloza ku sensa ya kiranki kapena mawaya ake. Pampu yotopa kapena rile yake nazonso zikhoza kufa ndi kutentha motere, n'chifukwa chake kalatayo siyikulamula kuti asinthe sensa. Ikumupatsa njira yoyesera: ayendetse galimoto mpaka izime, ndipo m'mphindi 15 zimene yakana kulira aone pamakina ngati kompyuta ikulandira kuzungulira kwa injini, aone ngati moto ukufika kumapulagi, ndiponso apime mphamvu ya mafuta m'paipi. Mayeso atatuwa amasiyanitsa sensa ndi pampu pa ulendo umodzi.

8. Perekani kalatayo m'manja, ndipo gwirizanani za kuyesa

Perekani kalatayo kwa eni galaja inu nomwe, muwapemphe aiwerenge inu mulipo, pamodzi ndi makaniko amene agwire ntchitoyo ngati n'kotheka. Ina muiike pampando wa woyendetsa, ndipo yanu muisunge. Ngati makanikoyo sakonda kuwerenga, muwerengereni mokweza ndi kumuonetsa kanema, kumene kuli bwino kusiyana ndi kungoganiza kuti wamva. Vomerani kulipira nthawi yofufuza ngakhale tsikulo pasasinthidwe kanthu, chifukwa galaja limene limalipidwa pokhapokha likasintha chipangizo limakakamizika kusintha chinachake. Potenga galimoto, funsani ngati idazima iwo akuona, ndipo mukaiyese pa ulendo wotalika ngati umene unkaizimitsa, nthawi ya masana, musanaidalire pa ulendo wa ku Petauke kapena ku Mfuwe.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kulemba chigamulo m'malo mwa zizindikiro. Kalata yonena kuti "pampu yatha, chonde musinthe" imatseka mafunso onse, ndipo pampu yatsopano ikalephera kuthetsa vuto simungawadandaule amene adangochita zimene mudapempha.

Ena amabisa zinthu chifukwa cha manyazi: kuti adathira mafuta a m'chigubu, kuti injini idatenthapo mpaka madzi kuwira, kapena kuti galimoto idayamba yapita kwa makaniko wina. Eni galaja adaziona zonsezi kambirimbiri, ndipo chimene mwabisacho nthawi zambiri ndicho chikadawafupikitsira njira. Potchula ntchito ya galaja lina, nenani chimene chidasinthidwa ndi tsiku lake basi, osanyoza munthu, chifukwa amakaniko a m'tauni imodzi amadziwana.

Kukokomeza nakonso kumasocheretsa. Mukalemba kuti "imazima nthawi zonse" pamene yazima katatu pa mwezi, makaniko adzailiza kwa mphindi zochepa, ndipo ikapanda kuzima adzayamba kukayikira kalata yonse. Chimodzimodzinso kulemba zimene simudaone: ngati simukumbukira pamene panali muvi wa kutentha, lembani kuti simudayang'ane.

Ngati galimotoyo imayendetsedwa ndi dalaivala wanu kapena wachibale, musalembe kalata kuchokera pa zimene mudamva pafoni. Khalani naye pansi, mumufunse mafunso a pa sitepe 2, 3 ndi 4, ndipo muikemo nambala yake kuti makaniko amufunse yekha. Madalaivala ena amachepetsa nkhani poopa kuti awanena kuti ndiwo adawononga, choncho muuzeni poyamba kuti simukufufuza mlandu.

Palinso amene amatsukitsa injini tsiku loti apite kugalaja pofuna kuti ioneke bwino. Madzi amachotsa zizindikiro za oyilo kapena petulo wodontha, ndipo akhoza kulowa m'mapulagi a mawaya n'kuyambitsa vuto lina pamwamba pa lakale. Ena amabweretsa galimoto thanki ili pafupi kuuma, kapena amaifuna pakatha ola limodzi, ndipo potero amalepheretsa kuyesa kumene kalata yawo yomwe ikupempha. Komabe, ngati vuto lanu limabwera mafuta akachepa, musadzaze thanki: isiyeni pa mlingo umene imazimirapo, mulembe zimenezo m'kalata, ndipo mupereke ndalama ya mafuta padera.

Pomaliza, musasakanize madandaulo ambiri m'kalata imodzi. Ngati mabuleki akulira ndipo zenera silitsika, zilembeni kuseri kwa pepala pansi pa mutu wakuti "Zina zosafulumira," kuti tsamba loyamba likhale la kuzima kokha. Koma vuto lina lililonse la magetsi, monga nyali zophethira kapena geji yodumphadumpha, liikeni patsamba loyamba ndi tsiku limene lidayamba, chifukwa likhoza kuchokera pa waya mmodzi ndi kuzimako.